Musathamangire penti siling'i ikathimbirira ndi mvula

Banga lofiirira pa siling'i limabwera ndi madzi odontha omwe atsuka dzimbiri la misomali, utoto wa matabwa, fumbi komanso zitosi za mileme, n'kuzisiya pa bodi. Choyamba konzani denga. Kumbukirani kuti madzi amayenda motsata thabwa asanagwe, choncho bowo likhoza kukhala patali ndi pomwe pathimbirira. Ngati banga lili pafupi ndi babu, zimitsani magetsi pa meni switchi musanakhudze chilichonse.

Tiyerekeze kuti pabalaza pali banga lalikulu ngati mbale ya nsima, pa bodi ya jipisamu yokutidwa ndi pepala ija. Ambiri amalakwitsa apa: pansi pa bodi pakaoneka pouma amati basi, pomwe mkati muli chinyezi. Tengani pensulo muzungulize banga lonse, kenaka dikirani mvula ina yamphamvu. Likadutsa mzerewo, denga likudonthabe. Likapanda kukula, kwerani m'denga ndi tochi, mukuponda pa matabwa okha, mugwire bodiyo kumwamba kwake. Mukapezako zisanza kapena zinyalala zonyowa, zichotseni, ndipo kachitseko ka siling'i kakhale kotsekula kuti mphepo izilowa.

Mayeso omwe ndimawadalira poona ngati bodi yauma ndi a pulasitiki. Dulani kapepala ka pulasitiki koonekera mkati, mukamate pa bangalo ndi selotepi mbali zonse, ndipo kakhalepo maola 24. Mukaona timadontho mkati mwake, kapena bodi yada pamenepo, siinaume. Nthawi ya dzinja kuuma kumatha kutenga sabata kapena kuposerapo, musataye mtima. Dinikizaninso ndi chala. Bodi yofewa, yotupa, yonyenyeka kapena yolendewera siitsukika, imangofunika kusintha.

Ikauma n'kukhala yolimba, pukutani fumbi, ndipo sakanizani kapu imodzi ya jiki ndi makapu atatu a madzi. Tsekulani mawindo, yalani pulasitiki pansi, valani magolovesi ndi zoteteza maso poti muzigwira ntchito mutayang'ana kumwamba. Viikani siponji, ifinyeni bwino, muzingogunditsa pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Musakweche, pepala la bodi lingasupuke. Pakatha mphindi 15 pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, pasiyeni paume mpaka mawa. Chonde jiki musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala otsukira m'chimbudzi, mpweya wake ndi wapoizoni.

Jiki amayeretsa banga ndi kupha nkhungu yakuda ya pamwamba, koma dzimbiri salichotsa, choncho kamzere ka m'mphepete kangatsale. Mukapakapo penti yamadzi mwachindunji, madzi a m'pentiyo amasungunula banga lija n'kulitulutsanso, ngakhale mubwereze kangapo. Yambani ndi andakoti yamafuta, mupitirire pang'ono m'mphepete mwa banga, iume monga zalembedwera pa chitini. Kenaka pakani penti yamadzi kawiri. Ngati ndalama ilipo, pentani siling'i ya chipinda chonse, chifukwa penti yatsopano siifanana ndi yakale.