Momwe Mungadziwire Ngati Tchanelo Chanu cha YouTube Chafika Poyamba Kulipidwa

Musanawerenge maola omwe anthu aonera mavidiyo anu, yambani mwaona dziko. YouTube Partner Program, ndondomeko yomwe YouTube imalipirira eni matchanelo, sipezeka paliponse: South Africa, Zimbabwe, Tanzania ndi Kenya ali pamndandanda, koma Malawi watha zaka zambiri asalipo. Onani mndandanda watsopano pa YouTube Help, chifukwa dziko likasowa, manambala okha sakuthandizani.

Kenako tsegulani YouTube Studio n'kudina Earn. Kuti muzilandira ndalama za otsatsa malonda, pamafunika okutsatirani 1,000, kuphatikiza maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayi, kapena ma Shorts anu akhale ataonedwa ka 10 miliyoni m'masiku 90. Tchanelo chisakhale ndi chilango chophwanya Community Guidelines chomwe sichinathe, ndipo 2-Step Verification ikhale yoyatsa.

Ambiri amasokonezeka pa maola. Tiyerekeze kuti muli ndi okutsatirani 1,200 ndipo Analytics ikuonetsa maola 4,300, pomwe Earn ikuti 3,650. Sikuti akuberani ayi. Mwina maola 400 anachokera kwa anthu ongoseweretsa chala pa ma Shorts, ndipo 250 ndi a vidiyo yomwe munaiika pa Private. Onsewa sawerengedwa, chimodzimodzinso a mavidiyo a Unlisted, ofufutidwa, ndi omwe munalipira kuti atsatsidwe. Nambala yoti muziikhulupirira ndi ya pa Earn basi. Choncho musafufute mavidiyo akale poti akukuchititsani manyazi, amapita ndi maola ake.

Zikakwana, dinani Apply Now ndipo muona magawo atatu. Loyamba n'kuvomera Base terms. Mukatero pamalembedwa Done. Lachiwiri n'kulumikiza AdSense for YouTube. Likakhala pa In progress, ndiye kuti akuona kaye akaunti yolandirira ndalama, tchanelo sanachikhudze. Likakakamira, kawirikawiri vuto limakhala lakuti muli kale ndi akaunti ina ya AdSense m'dzina lanu lomwelo, pomwe amalola imodzi yokha.

Lachitatu ndi Get Reviewed. In progress ya apa ikutanthauza kuti muli pamzere, ndipo yankho limabwera pakatha pafupifupi mwezi, nthawi zina kupitirira. Ounika amayang'ana mutu wa tchanelo chonse, mavidiyo atsopano, oonedwa kwambiri, mitu yake ndi zithunzi zapachikuto. Ngati maola anu ambiri anachokera ku zigoli za mpira zojambula pa TV kapena nyimbo za eni ake zomwe simunaonjezepo kalikonse, yembekezerani mawu akuti Reused content, ngakhale mwini wake sanadandaule.

Akakukanani, muli ndi masiku 21 ochita apilo. Apo ayi, konzani tchanelo n'kufunsiranso pakatha masiku 30. Mukakanidwanso, mudikira masiku 90. Pokonzapo werengerani bwino, chifukwa mukachotsa mavidiyo okopera aja maola akhoza kutsika pansi pa 4,000, ndiye muyenera kuwakwanitsanso musanafunsire.