Kufunsa kasitomala kapena kungosoka: mmene ndinathetsera vuto

Ndimasoka zovala, ndipo ntchito zinkachedwa chifukwa ndinkaimbira makasitomala pa chilichonse, ngakhale mtundu wa mabatani. Ena osayankha, nsalu n'kugona sabata. Nditayesa kusiya kufunsa, ndinadula chitenje cha mayi wina chachifupi, ndipo ndinagula china ndi ndalama zanga.

Tsopano ndimadzifunsa kuti: ndikalakwitsa, chibwezeka? Mabatani, ulusi ndi mpendero ndimangoganizira, chifukwa kusomola n'kusokanso ndi mphindi 20 zokha. Koma lumo lisanakhudze nsalu ndimayimba foni, pakuti chodulidwa sichibwerera. Foni ikapanda kuyankhidwa, ndimadula motalikirapo n'kusiya masentimita 5 opinda mkati, kuti mwiniwake akadzayesa tidzafupikitse ali pomwepo.