Mmene ndinachokera ku C kupita ku G osadodometsa kwaya

Pakwaya pathu korasi timafuna ikwere kuchoka mu kiyi ya C kulowa mu G, koma ndikangodumphira pa kiyibodi oyimba amasokonekera, makamaka a alto. Ndiye ndinafufuza kodi, kutanthauza gulu la manotsi oimbidwa pamodzi, yopezeka mu makiyi onse awiri, ndinasankha Am chifukwa mu C ndi ya nambala 6 pomwe mu G ndi ya nambala 2. Pano ndimaliza C, F, Am, kenako D7 ndikukhazikika pa G. D7 ija ndi imene imabweretsa F# ndipo khutu limamva kuti tasamuka ndithu. Osaithamangira Am, ipatseni bala yonse, mukaidula msanga a alto amagwirabe F wakale ndipo zimawombana moipa.