Chithunzi chochepa mapikiseli pa chinsalu chachikulu: yezani mtunda musanalipire

Ambiri opulinta zinsalu zotsatsira malonda muno mu Chipata akalandira chithunzi chochokera pa WhatsApp amachita chimodzi mwa ziwiri. Wina amakana, akuti chithunzicho n'chochepa, akufuna cha 300 dpi, ndiye kuti pa inchi iliyonse pakhale mapikiseli 300, timabokosi tamitundu timene timapanga chithunzi. Wina amangolandira ndalama, n'kuchikoka mpaka chidzaze chinsalu, zotulukazo mukaonere kwanu. Onse awiri safunsa funso limene limagamula nkhaniyi, lakuti munthu woona chinsalucho adzaima patali bwanji. Nambala ya 300 ija ndi ya kabuku kogwira m'manja, kamene diso limakaona lili pa masentimita 30. Chinsalu cha pamwamba pa khomo la shopu palibe amachiwerenga atachiyandikira chotero.

Ndifotokoza ndi ntchito imene ndinawachitira amalume, amene amagulitsa mbewu ndi feteleza m'mbali mwa mseu wa ku Lundazi. Chinsalu chinali cha mamita 3 m'litali ndi mita 1.5 m'lifupi. Chithunzi cha iwo ataima m'munda wa chimanga chinayenera kutenga malo a mita 1.6 ndi mita 1.2, kwinako mawu.

Choyamba, sakani chithunzi chenicheni

WhatsApp imachepetsa chithunzi chilichonse chotumizidwa mwa nthawi zonse. Foni imene inajambula ikhoza kukhala ndi cha mapikiseli 4000 m'litali, inu n'kulandira cha 1280 kapena 1600. Auzeni achitumizenso posankha Document, chidzafika osachepetsedwa. Kwa amalume foniyo inali itabedwa kale, ndiye tinatsala ndi cha 1280 ndi 960 basi. Pa kompyuta ya Windows manambalawa mumawaona pa Properties, kenako Details.

Chachiwiri, pitani pamalopo mukayeze

Musaganizire muli pampando. Imani pansi pa malo opachikapo chinsalu, muyende mpaka pamene anthu ambiri amadutsa, mukuwerenga mapazi, kapena mubwereke tepi kwa mmisiri. Pa shopu ya amalume, kuchokera pakhoma kufika panjira yodutsa a njinga ndi oyenda pansi panali mamita 6. A pagalimoto ali kutali kuposa apo, ndiye sitiwawerengera. Wolowa m'shopu amachiyandikira, inde, koma maso ake amakhala ali pa matumba a feteleza, osati kumwamba.

Mtunda wofunika ndi wa munthu wapafupi kwambiri amene adzaime n'kuyang'anadi. Chinsalu cha pa bwalo la David Kaunda kapena cha m'mbali mwa mseu wopita ku Mtenguleni nthawi ya Nc'wala chimaonedwa patali, chimakhululukira zambiri. Cha m'holo ya ukwati sichikhululuka.

Chachitatu, masamu ake

Chithunzi cha pa foni ndi timabokosi tating'ono tamitundu, ndito mapikiseli aja. Mukachikulitsa, timabokosito sitichuluka, timangokula. Diso labwinobwino, kukuwala, limasiyanitsa tinthu totalikirana pafupifupi milimita 0.3 likakhala pa mita imodzi. Pa mamita 10 limafuna pafupifupi mamilimita 3. Kanthu kochepera apo kamasungunuka n'kusakanikirana ndi kanzake. Ndiye timangofuna kudziwa kuti kabokosi kamodzi kadzakula bwanji pa chinsalu, ndi mtunda umene kadzasiye kuoneka.

```
mamilimita a chithunzi pa chinsalu ÷ mapikiseli = kukula kwa pikiseli
kukula kwa pikiseli × 3.5 = mtunda m'mamita
```

Kwa ife, mita 1.6 ndi mamilimita 1600. Kugawa ndi 1280 kunapereka milimita 1.25. Kuchulukitsa ndi 3.5 kunapereka pafupifupi mamita 4.4. Anthu athu amadutsa pa mamita 6, choncho chithunzi chija chinakwana, ngakhale kuti m'chiyankhulo cha opulinta chinali cha mapikiseli 20 okha pa inchi. Mukawauza nambala imeneyo ena amaseka, asiyeni aseke.

Masamuwa akakukanani, njira yotsika mtengo ndi kuchepetsa malo a chithunzi pa chinsalu, mawu n'kutenga malo ambiri. Chithunzi chomwecho pa masentimita 80 chimaoneka bwino kuyambira pa mamita awiri ndi pang'ono. Ndipotu wodutsa pa njinga amafuna kuona dzina la shopu ndi zimene mukugulitsa, nkhope ya mwini shopu ndi zokometsera chabe.

Pamene pamagwa anthu: kudula chithunzi

Apa ndichedwapo chifukwa panandionongera ntchito ina. Mapikiseli owerengera ndi amene atsala mutadula chithunzi, osati a chithunzi chonse. Zikumveka zachidziwikire, koma pulogalamu siikuchenjezani. Mumadula, n'kukoka ngodya kuti chidzaze malo, pa sikirini chinsalu chonse cha mamita atatu chikuoneka chaching'ono ngati envulopu, ndipo chilichonse chimaoneka chosalala.

Inali ntchito ya chinsalu cha ukwati, choima kumbuyo kwa tebulo la akwati. Chithunzi chinalinso cha 1280 m'litali, koma awiriwo anali pakati, mbali zonse mitengo ndi galimoto. Zitadulidwa mbalizo panatsala mapikiseli 480, ndipo anakokedwa kudzaza mita 1.2. Werengani nokha: 1200 kugawa ndi 480 ndi mamilimita 2.5, kuchulukitsa ndi 3.5 ndi pafupifupi mamita 9. Holoyo munthu wakutali kwambiri mwina ndiye anali pa mamita 9. Ena onse amabwera kudzaperekera mphatso ndi kujambulitsa pa mita imodzi kapena awiri. Maso a mkwatibwi anali madontho awiri akuda, mano anali mzere umodzi woyera, ndipo m'mbali mwa tsaya munali masitepe. Azakhali a mkwatibwi anachiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi awa mwatiikira apa ndi a kuti?"

Panali chinanso chimene masamu aja saonetsa. Fayilo ya JPEG imapanikiza chithunzi m'magulu a mapikiseli 8 ndi 8. Chithunzi chikadutsa m'mafoni angapo, kapena wina akachijambula pa sikirini n'kutumizanso, magulu amenewa amayamba kuoneka ngati zigamba, makamaka pa khungu, pa thambo ndi pa malo amdima. Pikiseli ikakhala mamilimita 2.5, chigamba chimodzi ndi masentimita awiri, ndipo chimaoneka patali kwambiri kuposa pikiseli imodzi. Ndiye musanakhulupirire masamu, kulitsani chithunzi pa sikirini muone pa chipumi ndi pa masaya. Mukaona zigamba, kapena ngati chithunzicho chinajambulidwa dzanja likunjenjemera, onjezerani mtunda wanu ndithu. Ine ndimauwirikiza kawiri, si lamulo la m'buku, ndi m'mene ndimadzitetezera.

Chachinayi, kuchikulitsa

Dziwani kuti kukulitsa sikubweretsa zimene kamera sinagwire. Phindu lake n'lakuti timabokosi tam'mbali zakuthwa timasanduka kusalala, ndipo diso limalandira kusalala mosavuta kuposa masitepe. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya GIMP chifukwa ndi yaulere. Dulani kaye chithunzi, kenako pitani pa Image, musankhe Scale Image. Pa Interpolation sankhani Cubic kapena NoHalo, osati None, chifukwa None ndiyo imasiya timabokosi tili chomwecho. Mu Photoshop ndi pa Image Size, Resample itachongedwa, n'kusankha Bicubic Smoother.

Kwa chinsalu choonedwa pa mamita angapo, mapikiseli awiri pa milimita imodzi amakwana. Cha amalume ndinachikweza kuchoka pa 1280 ndi 960 kufika pa 3200 ndi 2400. Kupitirira apo n'kungolemetsa fayilo ndi kutha mabandulo potumiza. Onetsetsani kuti kaunyolo ka pakati pa Width ndi Height n'kolumikizika, apo ayi amalume anu adzatuluka ofupika ndi onenepa.

Ngati pali zigamba zija, zifafanizeni pang'ono musanakulitse, chifukwa mukatero pambuyo zimakhala zitakula kale. Ku zonolera monga Unsharp Mask musapanikize, zimaika mzere woyera kuzungulira mutu. Ndipo chenjerani ndi anyamata ena amene amangosintha nambala ya dpi kuchoka pa 72 kukhala 300 n'kukulipiritsani kuti akonza chithunzi. Funsani mapikiseli. Ngati akadali 1280, palibe chasintha.

Mawu, nambala ya foni ndi chizindikiro cha shopu musazisiye zili m'chithunzi. Zilembeninso mwatsopano mu Inkscape kapena CorelDRAW, zimatuluka zakuthwa pa kukula kulikonse. Mawu akakhala akuthwa, anthu saona n'komwe kuti chithunzi cha pambali n'chofewa.

Chachisanu, yesani ndi pepala limodzi

Ichi chimadya ndalama ya pepala limodzi la mitundu, pomwe chinsalu amalipiritsa pa sikweya mita, ndipo chathu chinali masikweya mita 4.5. Pa chithunzi chokulitsidwa chija dulani kachigawo ka nkhope kolingana ndi pepala la A4, limene ndi mamilimita 210 ndi 297. Pa mapikiseli awiri pa milimita, ndi kachigawo ka 420 ndi 594. Kapulinteni kadzaze pepala lonse, mukalimate pamalo enieni a chinsalu masana, mubwerere pa mtunda munayeza uja. Itanani ndi mwana wa sukulu wa maso akuthwa aone, anu mwina anatopa. Pepala lathu m'manja linkaoneka ngati lanyowa, koma pa mamita 6 amalume anadzizindikira mpaka chipewa. Opulinta ena amavomera kutulutsa kachidutswa pa pulasitiki yeniyeni ya chinsaluyo, funsani, nthawi zina amakhala ndi malo otsala m'mphepete mwa ntchito ya wina.

Zotsalazo

Tumizani PDF kapena TIFF pa fulashi, kapena ngati Document, apo ayi WhatsApp idzachichepetsanso ntchito yonse n'kupita pachabe. Lembani kukula kwake m'dzina la fayilo. Siyani masentimita 5 m'mphepete opanda mawu kapena nkhope chifukwa cha mpendero ndi mabowo a zingwe. Mitundu idzatuluka yozimirira pang'ono kuposa pa sikirini, makamaka wobiriwira wowala, n'chimodzimodzi kulikonse. Funsani ngati inki yawo ndi yopirira dzuwa, chifukwa la mu Okutobala kuno silichita nthabwala, ndipo amene mtengo wake watsika modabwitsa muyambe mwaona chinsalu chake chimene chakhala panja kwa chaka. Ndalama yotsala mulipire mutachitambasula n'kuchiona.