Kujambula usiku ndi Night mode: musafulumire kutsitsa foni

Mukakanikiza batani mu Night mode, njira ya kamera yojambulira mumdima, foni sijambula chithunzi chimodzi ayi. Imajambula zithunzi zambiri motsatizana, mwina kwa masekondi 3, chilichonse chachangu kuti dzanja lisachigwedeze. Chachangu chotere chimakhala chakuda, chodzaza timadontho ngati mchenga. Kenako foni imazisanjikiza, mzere pa mzere, n'kuziphatikiza. Timadontho timagwa malo osiyana pa chithunzi chilichonse, choncho timafafanizika, pomwe nkhope ndi khoma zimatsala. Zithunzi 9 zimachepetsa timadontho pafupifupi katatu, ndiye foni imatha kuwalitsa chithunzicho osachiwononga.

Vuto ndi kuyenda. Tinene mukujambula mwana pafupi ndi kandulo. Akatembenuza mutu, foni imasiya kuphatikiza mbali yosagwirizanayo, ndiye nkhope imatuluka yamadontho kapena yosaoneka bwino pomwe khoma lili mbee. Khoma nalonso likagwedera, wagwedezeka ndinu.

Choncho panikizani zigongono m'nthiti, muuze mwanayo akhale phee, ndipo dikirani mpaka kuwerenga masekondi kwa pa sikirini kuthe. Mukatsamiritsa foni pa tebulo, mafoni ambiri amazindikira kuti yakhazikika n'kutalikitsa nthawi okha. Pukutaninso galasi la kamera, chifukwa mafuta a zala amamwaza kuwala kwa kandulo, ndipo kuphatikiza sikungachotse zimenezo.