Momwe Ndinakonzera Kalata Yopepesa Kasitomala Wolipira Kawiri

Kalata yanga yoyamba kwa mayi wina amene makina athu a khadi anamudula ndalama kawiri inangodzaza ndi mawu opepesa, koma sinanene kuti ndalamazo zibwerera liti. Nditaiwerenganso ndinachita manyazi.

Ndinailembanso poyamba ndi kuvomereza kuti kulakwitsa kunali kwathu, kenako ndinatchula tsiku, K45,000 imene inadulidwa kachiwiri, ndi nambala za malisiti onse awiri. M'malo mwa "posachedwa" ndinalemba kuti: "Mayi, pempho lobweza ndalamazi talitumiza ku banki lero Lolemba, ndipo banki yatiuza kuti zidzalowa mu akaunti yanu pasanathe masiku 7 ogwira ntchito." Ndinawonjezera kuti zikapanda kuoneka pofika Lachitatu la sabata yamawa, ndidzawaimbira foni ine ndemwe.