Nkhani zikamalimbirana mawu amodzi pa Google

"Ndili kuno ku Joni. Ndinalemba nkhani zitatu za mabasi opita ku Lilongwe, zonse zikulimbirana mawu amodzi pa Google ndipo palibe yomwe ikukwera. Nditani?"

Musanayambe, khalani ndi Google Search Console, chida choonetsa mmene masamba anu akuchitira pa Google, chilolezo chosintha zinthu pa seva, komanso kope la nkhani zonse zitatu.

1. Mu Search Console tsegulani Performance, sankhani miyezi itatu yapitayi. Pa Query lembani mawuwo, monga `bus Johannesburg to Lilongwe`, kenako dinani Pages. Mukaona masamba anu angapo akugawana mawu amodziwo, vutolo likhoza kukhalapodi.

2. Onani chimene wowerenga akufuna. Nkhani ya mitengo ya matikiti ku Park Station ndi ya nthawi yonyamukira zikuyankha munthu mmodzi, ziphatikizeni. Koma ya mapepala ofunika pa Beitbridge ndi ina, isiyeni, mungoisintha mutu.

3. Sungani tsamba lomwe anthu amalidina kwambiri ndiponso lili ndi malinki ochokera kwina, osati lomwe mumalikonda inuyo. Samutsirani m'menemo zothandiza za linzake.

4. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amangofufuta tsamba lakale, likumatulutsa 404, uthenga woti tsambalo palibe, mphamvu ya malinki ake n'kutayika. Lilozereni ku losungidwalo. Ngati seva ndi Apache, lembani mu fayilo ya `.htaccess`, kuyamba ndi adiresi yakale kenako yosungidwayo, motere:

```
Redirect 301 /mitengo-ya-basi/ /basi-joni-lilongwe/
```

Tsamba lakalelo musalitseke mu `robots.txt`, fayilo youza Google masamba oti isalowemo, chifukwa Google sidzaona kuti lasamuka.

5. Konzani malinki a m'nkhani zanu zina kuti aloze adiresi yotsalayo. Dikirani masabata angapo, muonenso Pages.